Njira Ziwiri Zokonzera DNA, ndi Zimene Zimachitika Imodzi Ikafa

Mu 1895, mayi wina wosoka zovala mumzinda wa Ann Arbor ku Amerika anauza dokotala Aldred Warthin kuti akudziwa chimene chidzamuphe. Achibale ake ambiri anali atapita ndi khansa ya m'mimba, ya m'matumbo kapena ya m'chiberekero, ndipo iye ankaona kuti nayenso ali pamzere womwewo. Sanalakwitse, chifukwa anamwaliradi ndi khansa ya m'chiberekero asanakalambe. Warthin anayamba kufufuza mbiri ya banjalo ndipo mu 1913 anasindikiza zimene anapeza, koma chimene chinkachititsa imfazi sanachidziwe.

Zaka zingapo izi zisanachitike, mu 1874, dokotala wa matenda apakhungu ku Vienna, Moritz Kaposi, anali atafotokoza za odwala achichepere a khungu louma, lamadontho akuda ndiponso lokhwinyata ngati la nkhalamba m'malo onse amene dzuwa limafika. Matendawa amatchedwa zerodema pigimentozamu, mwachidule XP, ndipo ana odwala matendawa amagwidwa ndi khansa yapakhungu ali aang'ono kwambiri.

Poyang'ana kunja, matenda awiriwa alibe ubale uliwonse. Komatu onse amayamba chifukwa selo lalephera kukonza DNA yake. Kusiyana kwake n'kwakuti mwa ana a Kaposi munafa njira ina yokonzera, m'banja la wosoka zovala uja munafa inanso. Mukamvetsa ntchito ya njira iliyonse, mudziwa chifukwa chake wina amadwala pakhungu ali ndi zaka 9, wina m'matumbo ali ndi zaka 45.

DNA ndi ulusi wautali wa zingwe ziwiri zopiringizana, ndipo uthenga wake umalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, C ndi G. Zilembo za chingwe chimodzi zimagwirana ndi za chinzake motsatira lamulo losasintha. A amagwirana ndi T, pomwe C amagwirana ndi G. Choncho mukadziwa zimene zili pachingwe chimodzi, mwadziwa kale zimene ziyenera kukhala pachinzake, ndipo kukonza konse kumadalira mfundo imeneyi: chingwe chimene chili bwino chimakhala chitsanzo cholemberanso chimene chawonongeka. Munthu amalandira mapeyala a zilembo pafupifupi mabiliyoni 3 kuchokera kwa mayi ndi enanso otero kuchokera kwa bambo. M'kati mwa ulusiwu muli ndime zimene asayansi amazitcha majini. Dzinali lisatisokoneze ndi majini a mizimu: jini pano ndi ndime ya DNA yokhala ndi malangizo opangira puloteni inayake, ndipo mapuloteniwo ndiwo amagwira ntchito m'selo.

Uthengawu ungawonongeke m'njira ziwiri zosiyana kotheratu. Taganizani za mwana wasukulu amene akukopera notsi. Tsiku lina tsamba la kope lake lapsa pakona, zilembo zingapo zamatana moti siziwerengekanso. Tsiku lina kope lili bwinobwino, koma pokopera walemba "mbala" pamene mnzake analemba "mbale". Pavuto loyamba, malo owonongeka akuonekeratu. Pavuto lachiwiri, chilembo chilichonse ndi chooneka bwino, ndipo amene wangotola makope awiriwo sangadziwe kuti wolakwa ndi uti pokhapokha atadziwa amene anakopera kwa mnzake. Vuto loyamba limathetsedwa ndi njira yotchedwa NER, imene imadula kachidutswa kowonongeka n'kuikapo chigamba. Lachiwiri limathetsedwa ndi MMR, imene imasaka zilembo zosagwirizana zotsalira pokopera.

Chigamba pamalo opsa

Cheza cha dzuwa chotchedwa UV chikalowa m'khungu n'kugunda DNA pamalo amene zilembo T ziwiri zatsatizana pachingwe chimodzi, zilembo ziwirizo zimamatana. Zimachitikanso pamene T watsatizana ndi C, kapena C ndi C. Ulusi umapindika pamenepo, ndipo makina okopera kapena owerenga DNA akafika pamfundoyo amaima. Izi si zachilendo ayi. Zimachitika m'khungu la aliyense amene waima padzuwa, kambirimbiri m'selo lililonse, tsiku ndi tsiku.

M'maselo a munthu, puloteni yotchedwa XPC imayendera ulusi wonse. Siiwerenga zilembo, imangomva pamene ulusi wapindika. Apa ndi pamene pali mphamvu ya njira imeneyi, chifukwa siifunika kudziwa chimene chawononga. N'chifukwa chake NER imachotsanso tizinthu ta mu utsi wa fodya timene timakakamira pa DNA, ndiponso poizoni wa afulatokisini amene amachokera ku chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa pachinyezi. Chilichonse chachikulu chimene chapinda ulusi ndi ntchito yake.

XPC ikapeza malowo imaitana gulu la mapuloteni lotchedwa TFIIH, limene limatsegula zingwe ziwirizo pamtunda wa zilembo pafupifupi 30. Puloteni ina, XPA, imathandiza kutsimikiza kuti pali chowonongekadi komanso kuika odula m'malo mwawo. Odulawo ndi awiri, XPF mbali ina ndi XPG mbali inayo, ndipo amadula chingwe chowonongeka chokha. Kachidutswa ka zilembo 24 mpaka 32 kamachoka pamodzi ndi mfundo ija. Kenako polimerezi, puloteni yolemba DNA, imadzaza mpatawo poonera chingwe chimene chili bwino, ndipo laigezi imalumikiza mapeto. Aziz Sancar, wasayansi wobadwira ku Turkey, anaonetsa mu 1983 mmene mabakiteriya amachitira zomwezi ndi mapuloteni atatu okha, podula kachidutswa ka zilembo 12 kapena 13.

Amene anagwirizanitsa njirayi ndi ana a Kaposi anali James Cleaver ku San Francisco mu 1968. Anatenga maselo apakhungu la anthu abwinobwino ndi la odwala XP, nawawalitsira cheza cha UV, kenako anayeza ngati maselowo akulemba DNA yatsopano yodzazira mipata. Maselo a anthu abwinobwino ankaika zigamba. Maselo a odwala XP ankaika zochepa kwambiri kapena osaika n'komwe.

Nanga selo limatani mfundo zikatsala? Nthawi yogawanika ikafika, polimerezi wamba amakanika kudutsa pamfundoyo. Ngati mfundo zachuluka, selo limafa, ndipo n'chifukwa chake ena mwa anawa amapsa mpaka kutuluka matuza atangokhala padzuwa mphindi zochepa. Apo ayi, selo limaitana polimerezi wina wotha kudutsa pamalo osawerengeka, amene nthawi zambiri amaikapo A. Ngati panali T, palibe vuto, chifukwa mnzake wa T ndi A yemweyo. Koma ngati panali C, pamafunika G, ndipo pakukopera kotsatira C uja amasanduka T mpaka kalekale. Ichi ndi chidindo cha dzuwa: akawerenga DNA ya khansa yapakhungu amapeza C atasanduka T malo ambirimbiri, ndipo mwina CC atasanduka TT. Kusintha kotere kukagwera m'jini imene imaletsa selo kugawanika mwachisawawa, monga TP53, khansa imakhala yayambika.

Kafukufuku amene anatsata odwala XP ku Amerika kwa zaka pafupifupi 40 anapeza kuti, kwa osafika zaka 20, chiopsezo cha khansa yapakhungu ya mtundu wofala chinali chokwera kuwirikiza nthawi 10,000 poyerekeza ndi anzawo, ndipo theka la amene anaidwala anali ataidwala pofika zaka 9. Maso nawo amawonongeka, ngakhalenso milomo ndi nsonga ya lilime, chifukwa ndi malo amene kuwala kumafika. Matendawa ndi osowa: ku Ulaya ndi ku Amerika amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa miliyoni, koma ku Japan ndi kumpoto kwa Afirika ndi ofalirapo.

Owerenga ambiri aganiza za abale athu achialubino, amenenso khansa yapakhungu imawavutitsa kwambiri. Mavuto awiriwa ndi osiyana, ndipo kusiyanako n'kofunika kukudziwa. Munthu wachialubino ali ndi NER yogwira bwino ntchito, koma khungu lake lilibe melanini wokwanira, utoto umene umatchinga cheza chisanafike pa DNA, choncho mfundo zimachuluka kuposa zimene okonza angathe. Mwana wa XP akhoza kukhala wakuda bii, melanini ali naye, koma cheza chimene chadutsa chimasiya mfundo zimene palibe wozichotsa. N'chifukwa chake mwana wakhungu lakuda amene wayamba madontho akuda ndi oyera kumaso ndi m'manja asanakwanitse zaka 2, maso ake akufiira ndi kuopa kuwala, asangopatsidwa mankhwala a ziwengo. Afunika kuonedwa ndi dokotala wa khungu.

Pali mbali ina ya NER imene ine imandichititsa chidwi kuposa zonse. Kupatula kuyendera ulusi wonse kuja, selo lili ndi njira yachangu yosamalira majini amene akuwerengedwa panthawiyo. Makina owerenga akaima pamalo owonongeka, mapuloteni CSA ndi CSB amaitana okonza aja. Mwana wobadwa wopanda CSA kapena CSB yogwira ntchito amadwala matenda a Cockayne: sakula bwino, ubongo, maso ndi makutu zimafooka, amaoneka wokalamba ali mwana, ndipo ambiri safika pauchikulire. Komatu khansa yapakhungu siiwachulukira. Maselo awo amene makina owerenga atsekeredwa amafa m'malo mosanduka khansa, ndipo maselo a ubongo akafa sabwereranso. Njira ndi imodzi, koma kufa kwa mbali ina kumabala khansa, kufa kwa mbali inayo kumabala ukalamba wamsanga.

Kumasula mpaka pamene panalakwika

Tsopano tibwerere kwa wokopera notsi uja. Selo lisanagawanike limakopera DNA yake yonse. Polimerezi amalakwitsa pafupifupi kamodzi pa zilembo 100,000, koma amadzibwerera yekha n'kufufuta zolakwika zambiri, moti chimatsala cholakwika chimodzi pa zilembo pafupifupi mamiliyoni 10. Zikumveka zochepa, koma pa zilembo mabiliyoni 6 ndiye kuti zolakwika mazana angapo nthawi iliyonse imene selo lagawanika. MMR imabwera pambuyo n'kuzichepetsa kuwirikiza nthawi 100 kapena kuposa.

Mapuloteni awiri ogwirana, MSH2 ndi MSH6, amapeza pamene, mwachitsanzo, G wayang'anizana ndi T. Apa ndi pamene pali funso limene NER ilibe. G ndi wabwinobwino, T nayenso ndi wabwinobwino. Achotsedwe ndani? Selo likachotsa wolakwika, uthenga wapulumuka. Likachotsa wolondola, ndiye kuti ladinda lokha cholakwikacho. Liyenera kudziwa chingwe chakale ndi chatsopano.

Mabakiteriya a m'matumbo otchedwa E. coli amachita izi poika kachizindikiro pachingwe chakale paliponse pamene pali zilembo GATC. Chingwe chatsopano chimakhala kanthawi chisanalandire chizindikirocho, ndipo m'kanthawi kameneko okonza amadziwa choti adule. Paul Modrich anaonetsa ntchito yonseyi m'botolo loyesera mu 1989, ndipo mu 2015 iye, Sancar ndi Tomas Lindahl analandira mphoto ya Nobel. Maselo a munthu sagwiritsa ntchito chizindikiro chimenechi. Amadalira timipata timene chingwe chatsopano chimakhala nato chisanalumikizidwe, komanso kampheta ka puloteni kamene makina okopera amasiya pa DNA katayang'ana mbali imodzi. Mapuloteni MLH1 ndi PMS2 amacheka chingwe chatsopanocho, puloteni ina imachidya kuyambira pochekapo mpaka kupitirira cholakwika chija, ndipo polimerezi amalembanso. Pamene NER imadula kachigamba ka zilembo 30, MMR ikhoza kuchotsa zilembo mazana ambiri, monga woluka juzi amamasulira mizere ingapo kuti afike pamene anaphonya. Ndipo pamene NER imagwira ntchito nthawi iliyonse, ngakhale m'maselo amene sagawanika, MMR imagwira makamaka kukopera kukangochitika, chingwe chatsopano chikadazindikirika.

MMR ikafa, dzuwa kapena poizoni sizifunikanso kuti DNA isinthe. Selo limadziwononga lokha nthawi iliyonse likagawanika. Malo amene amavutika kwambiri ndi amene chilembo chimodzi kapena ziwiri zabwerezedwa kambiri, monga AAAAAAAAAA kapena CACACACA, chifukwa polimerezi amaterereka pamenepo, kudumpha chimodzi kapena kuwonjezera chimodzi. Selo limawerenga jini zilembo zitatuzitatu, ndiye taonani chiganizo ichi: ANA AKE ALI APA. Pakati pa mawu awiri oyambawo pali A awiri otsatizana. Chotsanipo mmodzi, muwerengenso zitatuzitatu: ANA KEA LIA PA. Chatayika ndi chilembo chimodzi chokha, koma zonse zotsatira zasanduka zopanda tanthauzo.

Zimenezi zimachitikadi m'matumbo. Jini yotchedwa TGFBR2 imapanga puloteni yolandira uthenga wouza selo la m'matumbo kuti lisiye kugawanika, ndipo m'kati mwake muli A okwana 10 otsatizana. M'selo lopanda MMR, A khumiwo amasanduka 9, puloteni imatuluka yoduka, ndipo selo silimvanso lamulo loti liime. Khansa zambiri za m'matumbo zopanda MMR zimapezeka ndi kusintha kumeneku.

Ichi ndicho chinali m'banja la wosoka zovala uja. Henry Lynch anafotokoza mabanja ena otere mu 1966, ndipo matendawa lero amatchedwa ndi dzina lake. Jini ya MSH2 inagwirizanitsidwa ndi matendawa mu 1993, ya MLH1 mu 1994, ndipo patapita zaka zingapo zinapezeka kuti m'banja limene Warthin anafufuza munali MSH2 yowonongeka. Matenda a Lynch si osowa ngati XP. Kumene anawerengera, pafupifupi munthu mmodzi pa 300 ali ndi jini yotere, ndipo amachititsa khansa za m'matumbo aakulu pafupifupi 3 pa 100 zilizonse. Kwa amayi, khansa ya m'kati mwa chiberekero ndi yoopsa mofanana. Iyi si khansa ya khomo la chiberekero imene timaimva kawirikawiri m'zipatala zathu. Ya khomo imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo kuyezetsa khomo sikufufuza ya m'kati.

Mmene matenda awiriwa amayendera m'banja ndi mosiyananso. Jini iliyonse timakhala nayo iwiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo. Mwana amadwala XP pokhapokha atalandira yowonongeka kuchokera kwa makolo onse awiri. Makolowo amakhala abwinobwino, ndipo pa mimba iliyonse mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Si mlandu wa mayi yekha, monga mmene mabanja ena amafulumirira kuweruza. Wa matenda a Lynch amalandira jini imodzi yowonongeka, inayo ili bwino, choncho amabadwa maselo ake onse akukonza bwino. Koma maselo a m'kati mwa matumbo amasinthidwa masiku ochepa alionse kwa moyo wonse, ndipo tsiku lina selo limodzi limataya jini yotsala ija. Selolo silifa, limangoyamba kuunjika zolakwika, moti kachotupa kamene mwa anthu ena kamatenga zaka 10 kapena kuposa kuti kasanduke khansa, apa kakhoza kutenga zaka zitatu kapena zocheperapo. Mwana aliyense wa munthu wotere ali ndi mwayi wa theka wolandira jiniyo.

Tisaiwale kuti khansa yopanda MMR siikhala yakumtundu nthawi zonse. Pafupifupi khansa 15 pa 100 za m'matumbo aakulu zilibe MMR, ndipo zambiri mwa izo zimayamba chifukwa jini ya MLH1 yangotsekedwa m'chotupacho, kawirikawiri mwa okalamba. Kuti adziwe, a kulabu amapaka kachidutswa ka chotupa utoto wogwira mapuloteni anayi aja, MLH1, PMS2, MSH2 ndi MSH6, n'kuona amene akusowa. Njira ina ndi kuyerekeza kutalika kwa malo obwerezabwereza aja m'chotupa ndi m'maselo abwinobwino a munthu yemweyo. Kuyeza magazi n'kumene kumatsimikiza ngati jini yowonongekayo ndi yobadwa nayo.

Kuyeza kumeneku kumasintha chithandizo. Mapuloteni opanda tanthauzo aja, a KEA LIA PA, thupi silinawaonepo, choncho asilikali a chitetezo cha m'thupi amawaona ngati mlendo ndipo amakhamukira m'chotupa. Chotupacho chimadziteteza powagoneka asilikaliwo. Mankhwala monga pembulolizumabu amawadzutsa, ndipo mu 2017 Amerika inavomereza mankhwalawa pa zotupa zopanda MMR zimene zafalikira, posatengera chiwalo chimene khansa yayambira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Mu 2022 madokotala a ku New York analengeza za odwala 12 a khansa yakumapeto kwa matumbo yopanda MMR amene analandira mankhwala a mtundu womwewu kwa miyezi 6, ndipo mwa onse 12 chotupa sichinaonekenso. Mankhwalawa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo pa khansa za m'matumbo zimene MMR ikugwira ntchito sathandiza kwenikweni.

Pa XP, mdani ali kunja kwa thupi ndipo angathe kutchingidwa: chipewa chachikulu chokhala ndi chotchinga kumaso, zovala zofika m'manja ndi m'miyendo, magalasi, mafuta oteteza ku dzuwa, mawindo omatidwa pulasitiki yotchinga UV, ndi vitamini D wakumwa popeza mwanayo sapeza wa padzuwa. Ana amene atetezedwa chonchi kuyambira ali makanda angathe kukula mpaka uchikulire, ngakhale kuti pafupifupi mmodzi pa anayi amakhalanso ndi vuto la ubongo limene mthunzi sungaletse. Pa matenda a Lynch palibe chipewa chimene chingathandize, chifukwa selo silingasiye kukopera. Chimene chimapulumutsa ndi kuunika m'matumbo ndi kamera chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse, kwa ambiri kuyambira zaka za m'ma 20, n'kuchotsa tizotupa tisanasanduke khansa.

Kuyeza majini sikupezeka m'zipatala zambiri za kwathu kuno, koma mbiri ya banja, imene Warthin anayambira, ili m'manja mwa aliyense. Madokotala amakayikira matenda a Lynch akamva kuti achibale atatu a magazi amodzi anadwala khansa ya m'matumbo aakulu kapena ya m'kati mwa chiberekero, m'mibadwo iwiri yotsatizana, ndipo mmodzi wa iwo anadwala asanafike zaka 50. Funsani akuluakulu a kuchimuna ndi kuchikazi komwe kuti amene anatisiya ankadwala chiyani ndiponso anali ndi zaka zingati. Mukapeza mzere wotere, kauzeni dokotala, ndipo magazi m'chimbudzi kapena kutaya magazi kwa mayi amene anasiya kale kusamba musakudikirire kuti kuthe kokha.